Ma Brilliant Awiri a Madamu Ng'uni

Ku Tembwe, mukaona rula yaitali yathabwa ikutuluka pakhomo la kalasi, dziwani kuti kumbuyo kwake kuli Madamu Damaris Ng'uni. Imayamba kutuluka ndi rula, eni ake amachita kutsatira. Sanamenyepo nayo mwana ngakhale mmodzi, ndipo amene angakuuzeni zina ndi wabodza wotheratu. Ntchito ya rulayo ndi kulemba mizere, kuloza mwana amene akusinza, komanso kupirikitsa mbuzi za a hedi zikalowa m'dimba la sukulu.

A Damaris ndi mwana wa komweko. Anakula akuinga mbalame m'munda wa mpunga wa bambo awo kudambo, ndipo mayi awo ankadandaula kuti mwanayu anabadwa ndi mizere m'maso. Akamutuma kukayanika zovala, ankayamba kaye wazisanja, zazikulu uku, zazing'ono uku, dzuwa nkumapita. Atamaliza kosi ya uphunzitsi ku Chipata anawatumiza ku Chifunda, kumene njovu zinawadyera mbatata zonse za sukulu tsiku limodzi, iwo nkuzikalipira ali pawindo ngati ana a giredi 2. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi a Teddy, okonza njinga, amene lero ndi amuna awo. A Teddy amakonda kuuza anzawo kuti kunyumba kwawo ngakhale masipanala ali ndi kaundula, ndipo likasowa limodzi amafunsidwa ngati linadwala kapena linangojomba.

Atabwerera kwawo anawapatsa giredi 8, kuti aziphunzitsa Chinyanja ndi zaulimi, komanso akhale mphunzitsi woyang'anira kalasiyo. Manje mphunzitsi woyang'anira kalasi ali ndi ntchito imodzi imene anzake onse amaithawa. Temu ikamatha, mphunzitsi aliyense amabweretsa pepala la mamaki a phunziro lake, ndipo wina ayenera kuwasonkhanitsa onse pa kaundula mmodzi: maina a ana kutsika kumanzere, maphunziro kuyala pamwamba, phunziro lililonse ndi mzere wake wotsika, kumapeto chiwonkhetso ndi nambala imene mwana wakhala. Malipoti onse amakoperedwa kuchokera pamenepo. Ena amati ndi ntchito yowawitsa msana. A Damaris amaikonda moti sabata imeneyo amayenda akuimba.

Kaundula wawo amalemba pa chipepala chachikulu cholimba, chokuta tebulo lonse. Lamulo lake ndi limodzi ndipo sukulu yonse imalidziwa: palibe dzanja la munthu wina limene limalemba pamenepo. A hedi anayesapo tsiku lina kukonza kanambala kamodzi, koma bolopeni isanafike papepala rula inali itafika kale padzanja.

"Mukhoza kuona, a hedi. Kuona ndi maso," anatero a Damaris mwaulemu wonse.

Chimene chimavuta pa ntchitoyi si kuwonkhetsa ayi. Ndi aphunzitsi! Aliyense ali ndi kalembedwe kake ndipo amakhulupirira kuti kake ndiye ka nzeru. A Jeremiah, mdala wophunzitsa soshoo ndi zachipembedzo, amatsata ndandanda wa ku ofesi, koma amayamba anyamata onse, atsikana pambuyo, ndipo sachotsa dzina la mwana amene anasiya sukulu chifukwa amati mwina abwerera. Madamu Beauty a Chingelezi, ochokera ku Kabwe, amalemba maina monga mmene mapepala a mayeso anasanjikizirana pamene amachonga, dzina loyamba patsogolo. A Fabian a masamu ndi sayansi, mnyamata wa ku Kitwe woseka ndi thupi lonse, amayamba ndi amene wakhoza kwambiri nkumatsika mpaka kwa amene wagwa chagada. Mwana mmodzi yemweyo amapezeka pamwamba papepala ili, pakati pa ilo, pansi pa linalo.

A Fabian ali ndi laputopu, ndipo chaka chimene anafika anadzipereka kuti athandize. Anatenga mamaki a pepala lililonse nkuwayala pambali pa maina monga mmene analili, osayang'ana kuti mzere uwu ndi wa yani. Abale inu! Mnyamata wina dzina lake Banda, amene masamu ankawaona ngati ng'ona, anatuluka ndi 94, chifukwa chabe dzina lake linali loyamba pa ndandanda. Mwayi wake a Damaris anaziona malipoti asanalembedwe. Anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anamuuza mnyamatayo mawu amene amauza mphunzitsi aliyense watsopano: maki satsata mzere, amatsata dzina. Kuchokera pamenepo awiriwa amagwirizana. A Fabian amalowetsa mamaki m'laputopu motsata maina, makinawo nkuwonkhetsa mwachangu, ndipo a Damaris amalemba kaundula wawo padera ndi dzanja. Pomaliza amafananiza. Zikasiyana, wina walakwitsa, ndipo wolakwayo amagula zitumbuwa.

Temu imene ndikunenayi, a Damaris sanali kuimba kwambiri. Mtima wawo unali pa mtsikana mmodzi, Brilliant Goma.

Brilliant bambo ake anamwalira ali wamng'ono, mayi ake anakwatiwa kutali, ndipo ankaleredwa ndi amalume ake, a Jackson Mtonga, mlimi wa mpunga ndi chimanga wokhala ndi ana ake anayi. A Jackson si munthu wankhanza, koma ndi aja amene mawu awo akatuluka sabwerera. Temu itangoyamba anakumana ndi a Damaris kuchigayo, natsika panjinga.

"AnyaNg'uni, ndikuuzeni inu pamaso, musadzamve kwa anthu," anatero. "Mlongo wanga Salome ku Lundazi wabereka mapasa, akufuna mtsikana womuthandiza. Ine ndamuuza Brilliant kuti ngati sukulu imamukondadi, alowe m'gulu la ana khumi oyamba. Akalowa, apitiriza. Akapanda kulowa, temu yamawa ali ku Lundazi."

A Damaris anayesa kunena kuti mwanayo ali ndi mutu wabwino, kuti temu yatha anali nambala 19 pa ana 47 ndipo akukwera. A Jackson anangomangirira thumba la ufa pakaliyala nkunena kuti khumi ndi khumi. Ndipo a Damaris ankadziwa bwino kuti mtsikana akapita kukalera mapasa, mapasawo amakula, iye sabwerera m'kalasi.

Ndiye Lachitatu la sabata yotseka, dzuwa litapendeka, anakhala m'chipinda cha aphunzitsi ndi mapepala asanu ndi awiri, ataika miyala pamwamba chifukwa cha mphepo. Analemba kale maina 47 motsata afabeti ya maina a makolo, ndipo anali atangomaliza kudzaza mizere ya Chinyanja ndi zaulimi. Kachitidwe kawo ndi kotere: amatenga pepala limodzi, nkuwerenga dzina, nkulifunafuna pa kaundula, nkuika rula pansi pa mzere wa mwanayo, nkulemba maki pa danga la phunzirolo, kenako kachizindikiro papepala loyamba lija kuti uyu wapita. Mwana amene sanalembe mayeso samupatsa ziro, amalemba kuti kunalibe, chifukwa kudwala malungo ndi kulephera si chinthu chimodzi.

A Fabian, amene anali atamaliza kale zawo, anadzuka patebulo lina akukanda m'mutu.

"Ba Ng'uni, mwabereka liti mwana wina osatiuza?"

"Iwe Fabian, ndili pa ntchito."

"Zoona, madamu. Inu mumati kalasi yanu ili ndi ana 47. Ine ndachotsa aja awiri a ba Jeremiah amene anasiya sukulu, koma makina akuti 48. Manje uyu wina wachokera kuti?"

A Damaris anasuzumira pagalasi la laputopu. Anayang'ana pansi penipeni, kumene kumakhala ogwa. Nambala 47, Brilliant Goma. Nambala 48, Brilliant Mtonga.

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

Koma maso awo a mizere aja sanachedwe. Brilliant Goma anali ndi mamaki a Chinyanja, zaulimi, soshoo ndi zachipembedzo, ndipo madanga atatu anali opanda kanthu. Brilliant Mtonga anali ndi mamaki a Chingelezi, masamu ndi sayansi, ndipo madanga anayi anali opanda kanthu. Pamene wina anali ndi bowo, mnzake anali ndi chigamba. Aliyense anaonekera ngati mbuli chifukwa chiwonkhetso chake chinali cha theka la maphunziro.

"M'kalasi mwanga mulibe Brilliant Mtonga," anatero a Damaris. "Brilliant ndi mmodzi, ndipo Mtonga ndi dzina la amalume ake. Iwe wamudula pakati mwana wa eni."

"Ine? Ine ndinalemba zimene zinali papepala lake la mayeso! Basi tingowalumikiza, nkhani yatha."

"Ayi. Tione kaye mapepalawo. Ine sindipereka mamaki kwa mwana chifukwa chongoganiza."

A Fabian anafukula m'katoni mapepala a masamu ndi sayansi, Madamu Beauty nawo anabweretsa a Chingelezi, a Damaris nkuika pambali pake pepala la Chinyanja. Dzanja linali limodzi, zilembo zazing'ono zopendekera kumanzere. Pa mapepala atatu a aphunzitsi obwera, pamwamba panalembedwa bwinobwino kuti Brilliant Mtonga. Madamu Beauty anagwira pakamwa, nkunena kuti iwo ana amawadziwa ndi maina oyamba, ndipo kwa iwo a Goma, a Mtonga ndi a Zimba onse amamveka a nyumba imodzi. A Jeremiah, amene anali kumwa tiyi pakona, anati umu ndi mmene zimathera anthu akasiya ndandanda wa ku ofesi, ndipo anabwereza kawiri kuti aliyense amve.

Anawalumikiza ma Brilliant awiriwo kukhala mzere umodzi. Ana anabwerera pa 47, ndipo Brilliant anadumpha kuchoka pansi mpaka nambala 16. A Fabian anaomba m'manja. A Damaris sanaombe, chifukwa 16 si khumi.

Anabwerera ku chipepala chawo nkupitiriza, pepala ndi pepala, dzina ndi dzina. Atafika pa la sayansi anaima. Mwana wokhoza kwambiri, amene a Fabian anamuika pamwamba, anali ndi 46.

"Fabian, kalasi yonse yagwa sayansi?"

"Iyayi, akhoza bwino maningi."

"Nanga 46?"

A Fabian anatsegula pakamwa, nkutseka, nkudzimenya pachipumi. Mayeso a sayansi anali a mamaki 50, osati 100 ngati maphunziro ena onse, ndipo anaiwala kulemba zimenezo pamwamba pa pepala. Sayansi inali kulemera theka chabe pa chiwonkhetso. Anayenera kuchulukitsa kawiri maki a mwana aliyense asanawaike pa kaundula.

"Zitumbuwa," anatero a Damaris, osadzutsa nkomwe mutu.

"Ndamva, madamu. Za onse?"

"Ndi za a Jeremiah zomwe."

Manje apa a Damaris anakumbukira kuti sayansi ndiyo inali phunziro la Brilliant. Anali ndi 41, kutanthauza 82. Anachulukitsa za ana onse, nkuwonkhetsa mzere uliwonse kawiri, kuchoka kumanzere kenako kuchoka kumanja, a Fabian nawo nkukonza m'makina mwawo. Atafananiza, zonse zinagwirizana. Brilliant Goma anali nambala 12. Pakati pa iye ndi mwana wa nambala 10 panali mamaki asanu ndi anayi basi.

M'chipindamo onse ankaidziwa nkhani ya ku Lundazi, pakuti pasukulu ya kumudzi palibe chobisika. Madamu Beauty anatola pepala la Chingelezi, pamene Brilliant anapeza 49, nkuliyang'ana uku ndi uku.

"Chimangirizo chake mwina ndinachiumira mtima pochonga," anatero mosayang'ana munthu. "Nditachiwerenganso..."

A Damaris anafuna kuvomera. Ndikunena zoona, anafuna ndi mtima wonse. Anayang'ana mzere wa nambala 10 ndi wa nambala 11. Mmodzi anali Mwiza, amene amayenda kuchokera kutsidya kwa mtsinje ndipo nthawi ya mvula amafika atanyowa mpaka m'chiuno. Winayo anali Donald, amene agogo ake amasunga malipoti ake onse m'Baibulo.

"Munachonga bwanji za anzake?" anafunsa.

"Chimodzimodzi."

"Ndiye zisiyeni, madamu. Awanso ali ndi kwawo kumene akuwadikira."

Analemba 12 ndi bolopeni. Sanakondwe nazo, ndipo madzulo amenewo a Teddy anadabwa kuona kuti sipanala lili pa mpando koma palibe amene akufunsa.

Mmawa wake a Damaris anamuitana Brilliant pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi. Anali mtsikana wamtali woonda, wa maso ofatsa, amene akamalankhula ndi wamkulu amapotokola m'mphepete mwa siketi.

"Iwe Brilliant, dzina lako ndiwe yani?"

"Brilliant Goma, madamu."

"Nanga Brilliant Mtonga amene walemba masamu ndi ndani? Mlendo? Timupatse mpando?"

Mtsikanayo anagwetsa nkhope. A Damaris anamuuza mmene anatsala pang'ono kukhala womaliza kawiri m'kalasi imodzi, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire sukuluyo, ndipo kamwetulira kanamuthawa pang'ono mwanayo. Anamufunsanso chifukwa chake papepala la Chinyanja analemba Goma.

"Pa lanu ndinaopa, madamu. Inu ndi a Jeremiah mumawadziwa adada."

"Ndiye unasankha alendo kuti uwapusitse?"

"Sindinafune kupusitsa munthu." Kenako mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Kunyumba tilipo asanu. Anzanga onse ndi a Mtonga. Tryness, mwana wa asibweni, temu yatha anali nambala 30 m'kalasi mwake, koma za ku Lundazi sanamuuze iye. Ndinangofuna ndione mmene limaonekera papepala, madamu. Ndinaganiza kuti lipoti likatuluka ndi dzina la asibweni..."

Sanamalize. A Damaris anamva chisoni chachikulu, ndi kaukali pang'ono kosadziwa kopita nako. Anamufotokozera kuti dzina la pa kaundula liyenera kukhala limene analembetsa nalo mayeso a giredi 7, chifukwa ndi limene lidzamutsata mpaka pa satifiketi, ndipo munthu wa maina awiri amavutika kutsogolo. Anamuuzanso nambala yake, osamubisira. Brilliant anangoti, "Yewo, madamu," nkupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Atabwerera patebulo, a Damaris anayang'ana mzere wa mwanayo kwa kanthawi. Anatenga pensulo nkulemba pambali pa dzina la Goma, ndi tizilembo tating'ono, kuti Mtonga. Anadziuza kuti akuchitira aphunzitsi, kuti wina akadzafananiza kaundulayu ndi mapepala a mayeso asadzasokonezeke. Zinali zoona ndithu, ngakhale sizinali zoona zonse.

Lachisanu makolo anabwera kudzatenga malipoti. Panja panadzaza njinga, amayi atavala zitenge za kutchalitchi, a Fabian akuzungulira ndi beseni la zitumbuwa zawo za chilango nkumauza aliyense kuti ndi tsiku lawo lobadwa. A Damaris anayala kaundula patebulo kutsogolo kwa kalasi, pakuti iwo sapereka lipoti lokha. Kholo lililonse amalionetsa mzere wa mwana wake, rula ili pansi pake, pepala lina litaphimba mizere ya ana a eni.

A Jackson analowa dzuwa lili pamutu, matope a kudambo akadali m'mapazi, chipewa chili m'manja. Brilliant anaima kumbuyo kwawo pafupi ndi khomo.

"Mwatandala uli, anyaNg'uni?"

"Tatandala makola, a Mtonga. Khalani apa."

A Damaris anaika rula nkuyamba kuyenda ndi chala kuchoka kumanzere. Chingelezi 49. A Jackson anapukusa mutu. Masamu 64. Anati, "Ehe." Sayansi 82. Anatembenuka kumuyang'ana mwanayo ngati akumuona koyamba. Chala chinapitirira mpaka pa danga lomaliza.

"Nambala 12 pa ana 47. Temu yatha anali 19."

"Thwelofu," anatero a Jackson pang'onopang'ono. "Ine ndinati khumi."

"Munatero."

"Ndipo inu munalipo."

"Ndinalipo, kuchigayo. Ndikanatha kukubweretserani khumi wabodza, a Mtonga, koma ine wabodza ndilibe. Mwana uyu ndi wa sukulu. Ndanena ndi pakamwa panga, ndipo mzere uwu ukunenanso zomwezo."

A Jackson anapumira m'mwamba nkuyamba kupinda chipewa chawo. A Damaris anaona kuti zatha, munthuyu wagamula kale. Koma maso a bamboyo anabwerera kumanzere, kumene mzere unayambira, nkuima pamenepo. Anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda pepala.

"Apa palembedwa dzina langa."

"Eya."

"Lafikapo bwanji?"

A Damaris anayang'ana kukhomo. Brilliant anali atagwira siketi ndi manja onse awiri, koma sanapukuse mutu. Ndiye a Damaris anatulutsa pepala la sayansi lija nkuliika pamaso pa a Jackson, ndi kufotokoza mmene mwanayo analembera dzina limeneli pa mayeso atatu, mmene anasandukira ana awiri, onse ogwa, mpaka atawalumikiza. Za Tryness sanatchule. Anangoti, "Chifukwa chake mumufunse mwini wake."

A Jackson sanamufunse. Anagwira pepalalo ndi zala zawo zokhakhala nkuwerenga pamwamba pake milomo ikugwedera: Brilliant Mtonga. Anawerenganso. Panja mwana wina ankalira chifukwa cha chitumbuwa chimene chinagwa m'dothi. Bamboyo analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali moti mayi amene anali pambuyo pawo pamzere anayamba kutsokomola dala.

"Anabwera kwanga asanadziwe kumanga chitenge," anatero potsiriza, mawu atasasa. "Ine ndimati amadziwa kuti ndi mwana wanga."

Anakweza mutu.

"Madamu, la Goma likhale. Ndi la mlamu wanga, anali munthu wabwino, sindingalichotse."

"Silingachoke ndithu. Ndi la pa mayeso a boma."

"Koma ili mwalemba ndi pensulo."

"Ndi longokumbutsa aphunzitsi."

"Pensulo imafufutika." Anatambasula dzanja. "Ndibwerekeni bolopeni."

A Fabian, amene anali atangofika pakhomo ndi beseni lawo, anaima chilili. A Jeremiah anasuzumira pawindo. Sukulu yonse inkadziwa zimene zimachitikira dzanja lofika pa chipepala chimenecho, ndipo rula inali pomwepo, m'manja mwa eni ake. A Damaris anayang'ana rula, nkuyang'ana dzanja lija lamatope. Anachotsa bolopeni yawo m'tsitsi nkuipereka.

A Jackson si munthu wolemba kawirikawiri. Anaigwira bolopeni ngati akudzala nayo mbewu, lilime lili panja pang'ono, nkudutsitsa pamwamba pa pensulo chilembo chimodzichimodzi. Zilembo zinatuluka zazikulu, zokhota, ndipo mchira wa chimodzi unadumpha malire nkulowa m'mzere wa mwana wapansi. A Damaris anangotseka diso limodzi.

"Salome apeze wina," anatero a Jackson akubweza bolopeni. "Ndimuimbira ndekha, andinyoze zithe." Anatembenukira kukhomo, nkukweza mawu. "Iwe! Choyimira pamenepo ngati mlendo nchiyani? Tenga lipoti lako. Ndipo Chingelezi ichi cha 49 sindifuna kudzachionanso m'nyumba mwanga, wamva?"

"Ndamva, asibweni."

"A Mtonga sitigwa Chingelezi ife."

"Tryness anapeza 31," anatero Brilliant, misozi ili mbwembwembwe koma akuseka.

"Chete! Ndani wakufunsa?"

Anatuluka, bamboyo patsogolo, mtsikana pambuyo atakumbatira lipoti pachifuwa. Pawindo a Damaris anawaona a Jackson akupukuta kaliyala wa njinga ndi chipewa chawo asanamuuze mwanayo kuti akwere.

A Fabian anayandikira tebulo mwakachetechete nkuyang'ana zilembo zokhota zija.

"Ba Ng'uni, akuonongerani kaundula. Ndibweretse chofufutira choyera chija?"

Rula inatsika pang'onopang'ono nkugona pakati pa dzanja la a Fabian ndi pepala.

"Ukhoza kuona, Fabian," anatero a Damaris, akufunafuna kansalu kopukutira m'maso. "Kuona ndi maso. Itana kholo lotsatira."